Nkhululu sizinathe, ndi makutu a bambo

Patchuthi chapitachi tili pakhonde madzulo, bambo anga a zaka 68 anadandaula kuti masiku ano nkhululu zinatha. Tinayang'anizana ndi mayi, chifukwa nthawi imeneyo nkhululu zinkalira ngati zili paukwati.

Mayi ndi amene anayamba kuona vutoli kalekale. Tsiku lina anati, "Bambo a ana, madzi apita kubafa, kasambeni." Bambo anakwiya: "Ndikafambe ndipite kuti?" Panabuka mkangano. Wailesi ankayikweza mpaka oyandikana nawo kumamva nkhani ulere, ndipo zidzukulu ankazinena kuti zimayankhula ngati zili ndi nsima mkamwa. Pamaliro ndi kutchalitchi ankangogwedeza mutu, kenaka anasiya kupita kubwalo la amfumu kumene kale ankayankhula kwambiri. Ife tinkati ndi liuma la ukalamba.

Atawayeza kuchipatala, dokotala anatifotokozera chomwe chimachitika. Mkatikati mwa khutu muli timaselo tokhala ndi tiubweya timene timalandira mawu. Munthu akamakula timafa pang'onopang'ono, m'makutu onse awiri, ndipo sitimeranso. Timene timayamba kufa ndi tolandira mawu ang'ono, osongoka, monga a nkhululu, mbalame ndi ana. Pa mawu athu, malembo monga s ndi f ndiwo amasowa msanga, pomwe a, e, i, o, u amamvekabe. N'chifukwa chake "kusamba" ndi "kufamba" kwa bambo ndi chimodzimodzi. Amamva kuti munthu akuyankhula, koma mawu sakuwazindikira, makamaka pagulu. Mwiniwake sadziwa msanga chifukwa palibe chopweteka.

Kukuwa sikuthandiza kwenikweni: kumakweza malembo omwe akumveka kale, osowawo n'kukhalabe osowa. Chomwe taona kuti chimathandiza ndi kuwaitana kaye, kuima pamaso pawo pamalo powala, kuzimitsa wailesi, n'kuyankhula modekha. Akapanda kumva, timasintha mawu m'malo mobwereza omwewo.

Komabe si kusamva konse kumene kuli kwa ukalamba. Nthawi zina ndi phula lodzaza m'khutu, lomwe achipatala amachotsa, osati inu ndi kamtengo ka machesi. Khutu limodzi likatseka mwadzidzidzi, kapena likamatuluka mafinya, musadikire, thamangani kuchipatala. Kuyeza makutu kumachitika ku Queen Elizabeth mu Blantyre ndi ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe. Timakina tovala m'khutu sitibwezeretsa khutu la unyamata, koma timakweza mawu amene akusowa.

Ine ndimauza ana m'kalasi kuti azimvetsera, koma kwa zaka zingapo sindinamvetsere bambo anga. Lamulungu lapitali ndinakhala moyang'anana nawo, ndipo tinacheza mpaka tiyi kuzizira.