Kutsikira ku Slack yaulere: mumapulumutsa madola, koma mumataya chiyani?

Mwezi ukamatha, maofesi ang'onoang'ono kuno ku Kafue amayang'ana bilu ya Slack ndi diso lofiira. Bilu imabwera m'madola pomwe makasitomala amalipira m'makwacha, ndiye bwana amangoti, "Tiyeni tipite ku yaulere." Musanavomereze, werengani bwino masamu.

Tiyerekeze kampani ya anthu 8 yonyamula katundu pakati pa Kafue ndi Lusaka. Pulani ya Pro yolipira mwezi ndi mwezi ndi madola 8.75 munthu mmodzi, ndiye onse pamodzi ndi madola 70. Koma atatu mwa iwo ndi madalaivala amene amangotsegula pa foni kuona komwe atumidwa mawa. Amenewa safunika mpando wolipira. Pa pulani yolipira, Slack imalola kuika munthu ngati `Single-Channel Guest`, mlendo amene amaona chanelo chimodzi chabe, ndipo mlendo wotere salipiridwa. Madalaivala atatu akakhala alendo, otsala 5 amalipira madola 43.75. Wina akasiya ntchito, mumangotseka akaunti yake. Mauthenga amene analemba amatsala, ndipo ndalama ya masiku otsala imabwezedwa kuti ichotsedwe pa bilu yotsatira.

Yaulere imafafaniza madola 70 onse, inde. Koma simungasankhe kuti ena akhale pa yaulere, ena pa yolipira: ofesi yonse imatsika pamodzi, ndipo maakaunti a alendo kulibe kumeneko. Chachikulu n'chakuti mumangoona mauthenga ndi mafayilo a masiku 90 apitawa. Kale akalewo ankangobisika, mukalipiranso ankabwerera. Kuyambira pa 26 Ogasiti 2024, Slack imafufutiratu zonse zopitirira chaka chimodzi pa maofesi a pulani yaulere.

Manje ganizirani kasitomala akubwera mu Novembala kukana kuti sanalandire matumba a feteleza amene munapereka mu Juni. Chithunzi cha pepala limene anasaina chili mu Slack, koma simungachione mpaka mutalipiranso. Mkangano ukachedwa kupitirira chaka, ngakhale mutalipira, chapita basi. Ine ndikuona kuti madola 43.75 ndi ochepa poyerekeza ndi mtengo wa lole imodzi ya feteleza.

Yaulere ndi yabwino kwa amene amangouzana kuti "ndafika" kapena "basi yachedwa pa Chilanga". Ngati mwatsimikiza kutsika, mwini akaunti ayambe watulutsa mauthenga akadali pa yolipira. Dziwaninso kuti pa Pro kutulutsaku kumangotenga machanelo oonekera kwa onse. Zokambirana za awiri ndi machanelo achinsinsi sizituluka, ndipo zithunzi zimabwera ngati maulalo chabe. Mapepala osainidwa aja muyenera kuwakopera nokha, limodzi limodzi, tsiku lotsika lisanafike.