Mzere wofiira si mkonzi

Maofesi ambiri a ku Lilongwe amakonda kukachitira misonkhano ku Senga Bay, ndipo malipoti ake amalembedwa mothamanga tsiku lotsiriza, galimoto zitaliza kale injini. Mlembi amayang'ana pakompyuta, akaona kuti palibe mzere wofiira amati zatheka. Ine ndikuti ulesi umenewu uyenera kutha.

Pulogalamu yoona kalembedwe siwerenga ayi. Imangoyerekeza liwu lililonse ndi mndandanda wa mawu omwe ili nawo, ndipo m'maofesi mwathu mndandandawo ndi wa Chingerezi. Liwu likapezekamo, yakhutira. Ndiye chifukwa chake imalemba mzere pansi pa Chipoka, Lifuwu ndi usipa, mawu olondola, koma `manger` m'malo mwa `manager` imangomulekerera.

Choipitsitsa n'chakuti imadziwanso kusintha liwu. Azungu nawo zidawagwera: mapulogalamu akale sankalidziwa liwu loti `cooperation` likalembedwa lopanda kamzere pakati, ndipo ankapereka `Cupertino`, dzina la tauni ya ku California. Alembi adavomera osayang'ana, tauniyo n'kulowa m'zikalata za mabungwe akuluakulu monga European Union.

Tiyerekeze kuti wina akulemba pafoni chidziwitso cha chilumba cha Mbenje, komwe mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo. Akufuna kunena kuti kupha nsomba sikuloledwa, `not allowed`. Chala chaterereka, foni yalota yokha n'kuika `now allowed`. Chiganizo chili bwinobwino, mzere wofiira palibe, koma chikalata chatsegula nyanja imene amfumu adatseka. Nanga msodzi akagwidwa ali ndi uthengawo m'manja, mlandu ngwa yani?

Ena amati akatsiriza amawerenganso. Inde, koma diso la mwini limawerenga zomwe ankafuna kulemba, osati zomwe zili papepala. Yambani n'kuimanga manja pulogalamuyo. Mu Word pitani pa `File > Options > Proofing > AutoCorrect Options` ndipo chotsani chizindikiro pa `Replace text as you type`. Ngati mwachisiya, liwu likangosintha dinani `Ctrl+Z` pomwepo, libwerera. Mayina a malo ndi a nsomba alowetseni kamodzi ndi `Add to Dictionary`, kuti mizere yofiira yotsala ikhale yoyenera kuiyang'ana. Batani la `Change All` lokha musalikhudze. Limafalitsa cholakwa chimodzi m'masamba onse.

Kenako sakani ndi `Ctrl+F` mawu omwe amatembenuza tanthauzo akasintha: `now`, `form`, `trail`, `pubic`. Paliponse apezeka, werengani chiganizo chonse. Pomaliza sindikizani, wina amene sadalembe nawo awerenge mokweza, chala chili pa mzere, inu mukumvetsera. Lipoti la masamba khumi silingadye ola lathunthu, pomwe mwambo wosainira alawansi umatha nthawi yoposa apo popanda wodandaula.

Ndipo bwana amene amasaina asadawerenge asamanamizire kompyuta. Siginecha ili pansipo ndi yake.