ZA ANCHITO: Dzuwa la ku Qatar ndi Lamulo Loteteza Omanga Nyumba

Munthu wopita kukagwira nchito yomanga ku Qatar amaopa kugwa pa makwerero, koma cimene cimagwetsa ambiri ndi kutentha. M'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mpweya wa cinyontho wocokera kunyanja umaletsa thukuta kuuma, kotero thupi silizizira.

M'caka ca 2021 boma la dzikolo linakhwimitsa lamulo lake. Kuyambira pa 1 Juni kufikira pa 15 Sepitembala, nchito ya panja njoletsedwa kucokera 10 koloko m'mawa mpaka hafu pasiti 3 masana. Mbali ina imene akapitao sakonda kuichula ndi iyi: wanchito ali ndi ufulu wakuima pa ola liri lonse ngati ali ndi cifukwa comveka coganizira kuti kutentha kwaika moyo wake pa ngozi.

Tiyerekeze mnyamata amene wafika masiku anai apitawo, ndipo akunyamula njerwa pa 9 koloko m'mawa. Mutu wayamba kumuwawa, akumva cizungulire, minofu ya miyendo ikukokana, ndipo mkodzo wake wacepa nufiira. Kapitao akuti, ola lakupuma silinakwane. Mnyamatayo asatsutsane naye za koloko. Anene poyera, pamaso pa anzake awiri, kuti wadwala ndi kutentha, apite pamthunzi, amasule zobvala, namwe madzi pang'onopang'ono. Iyeyu ngoziyo yamuyandikira koposa anzake, pakuti thupi limafuna sabata imodzi kapena awiri kuti lizolowere.

Munthu akayamba kubwebweta, kudzandira kapena kukomoka, nthawi yodikira yatha. Anzake amthire madzi ozizira thupi lonse, amkupize, naitane ambulansi. Wokomoka sapatsidwa madzi akumwa.

Tsono za mapepala. Wodwala apemphe dokotala kuti alembe kuti anadwalira pa nchito, ndipo asunge cithunzi ca kalatayo pa foni, pamodzi ndi ca kontrakiti yake. Izi si zacabe: anchito ambiri akunja amene anafera kumeneko analembedwa kuti mtima unangoima, ndipo imfa ikalembedwa motero, amasiye kwao sakhala ndi pogwira pofuna cipepeso.

Bwana akadula malipiro cifukwa ca tsikulo, dandaulo limaperekedwa ku Unduna wa Anchito. Akalephera kugwirizanitsa mbali ziwirizo, mlandu umapita ku makomiti oweruza mikangano ya anchito, amene anayamba mu 2018. Ndipo kuyambira 2020 wanchito angathe kusintha nchito popanda kalata ya cilolezo ca bwana, malinga apereke cidziwitso ca mwezi umodzi ngati sanapitirire zaka ziwiri pa nchitoyo, kapena ca miyezi iwiri ngati wapitirira.