Mawu akapotoka panjira, mlandu uikidwe pa liwu

Ku Samanga, m'chigwa cha Honde ku Zimbabwe, ndiponso m'minda ya tiyi ya ku Chipinge, muli mabanja amene makolo awo anachokera ku Nyasalande kudzagwira ntchito, ena m'zaka za chitaganya, 1953 mpaka 1963. Zidzukulu zawo zimalankhula Chishona kuntchito, Chichewa n'kumachimva pakhomo ndi pamaliro. Pakati pa zinenero ziwirizi pali liwu limodzi lokhoza kudanitsa anthu: *kuda*. M'Chishona, *ndinomuda* ndiye kuti ndimamukonda kapena ndimamufuna. M'Chichewa, *ndimamuda* ndi chidani chenicheni.

Tiyerekeze kuti mayi wothyola tiyi wanena pamsonkhano wa bungwe la maliro, m'Chishona, kuti mlembi watsopano *ndinomuda*. Mnyamata wodziwa Chichewa mwapatalipatali akukafotokozera agogo ake kuti, "Akuti amamuda." Pofika Lamlungu, mlembi wasiya kupereka moni.

Mayiyu akakwiya n'kunena kuti "Mwandinamizira," wataya mlandu umene akanawina. Mneni ameneyu ali ndi mwini wake: *mwa-* akuloza munthu, ndipo *-ir-* akusonyeza kuti bodzalo linapangidwira iye dala. Wolozedwa chala sayankha za mawu ayi, amateteza dzina lake, ndipo nkhani imasanduka yofuna wabodza.

Chichewa chili ndi njira ina. Kachidutswa ka *-ek-* kamachotsa wochita m'chiganizo: mbale *yasweka*, osatchula woiswa. Choncho mayiyu anganene pamaso pa mlembi ndi mnyamata uja kuti, "Bambo, mawu anga sanamveke bwino. Loweruka ndinati *ndinomuda*, m'Chishona, kutanthauza kuti ndikuwafuna pampandowu. Amayi a msungichuma analipo." Mawuwo abwerezedwe m'chinenero chimene anatulukira, pakuti kuwamasulira kachiwiri n'kutsegulanso khomo lomwe analowera mphepo. Tsiku ndi mboni zitchulidwe, kenaka akhale chete.

Kukhala chete kumeneku n'kumene kumavuta. Woonjezera kuti "ine sindida munthu, funsani aliyense, chibadwire sindinakanganepo ndi wina" amamveka ngati wobisa kanthu, komanso wabwereza liwu la chidani limene anthu anayenera kuliiwala.

Ena amati kulankhula kotere n'kunyengerera wamiseche. Nthawi zina n'zoona, koma *-ek-* ndi muyeso wabwino. Amene anaphonya mosadziwa amagwira pakamwa, mwina n'kuseka, popeza wapatsidwa potulukira mopanda manyazi. Amene anapotoza dala amaumirira kuti "Ayi, ndinamva ndekha," ngakhale mboni italankhula. Zikafika apo, mlandu wachoka pa liwu, ndipo mayiyu asapitirize kukangana naye. Apemphe wapampando kuti mawu ake enieni alembedwe m'buku la bungwe, m'Chishona momwemo, ndi kuwerengedwa pamsonkhano wotsatira.