Minibasi imodzi, wina akuti phindu, wina akuti taluza

Kampani yonyamula anthu yagula minibasi pa 1 Januwale pamtengo wa K20,000,000. Yaigwiritsa ntchito zaka ziwiri ndi theka, kenako pa 30 Juni chaka chachitatu yaigulitsa K11,000,000. Akauntanti wina akuti pamalondawa kampani yaluza K1,000,000, mnzake akuti yapindula K1,156,250. Palibe walakwitsa masamu. Angosiyana njira yowerengera kutsika kwa mtengo wa galimotoyo m'mabuku.

Woyambayo amachotsa ndalama yofanana chaka chilichonse. Anayerekeza kuti minibasiyo igwira ntchito zaka zisanu ndipo pamapeto idzagulitsidwa K4,000,000. Ndiye kuti yofunika kugawa ndi K16,000,000, zomwe zikupereka K3,200,000 pachaka. Zaka ziwiri zathunthu ndi K6,400,000, ndipo miyezi isanu ndi umodzi ya chaka chachitatu ndi K1,600,000. Zonse pamodzi ndi K8,000,000, choncho patsiku logulitsa minibasiyo inali ya K12,000,000 m'mabuku. Wogula wapereka yochepera pamenepo ndi K1,000,000.

Wachiwiriyo amachotsa 25 peresenti pa mtengo umene watsala, osati pa mtengo wogulira. Chaka choyamba anachotsa K5,000,000, n'kutsala K15,000,000. Chachiwiri anachotsa K3,750,000, n'kutsala K11,250,000. Chaka chachitatu chikanatha chonse akanachotsa K2,812,500, koma poti galimoto yachoka pakati pa chaka, akuchotsa theka lake, K1,406,250. Mtengo wa m'mabuku ukukhala K9,843,750, ndipo ndalama yogulitsira yaposa pamenepo ndi K1,156,250.

Tsono onkhetsani zonse. Kwa woyamba uja, K8,000,000 kuphatikiza K1,000,000 yoluza ndi K9,000,000. Kwa wachiwiri, K10,156,250 imene wachotsa m'zaka zonsezi, kuchotsapo phindu lija, ndi K9,000,000 yomweyo. Sizingasiyane, chifukwa kampani inatulutsa K20,000,000 n'kubwezako K11,000,000. Zomwe timatcha phindu kapena kuluza pogulitsa katundu wotere ndi kukonza chabe zimene tinayerekeza kale. Wina anachotsa zochepa, wina zochuluka, ndipo tsiku logulitsa lawaulula onse.

Okonda njira yofanana ali ndi mfundo. Ndi yosavuta, mwini bizinesi amaimva msanga, ndipo pa katundu monga nyumba kapena mashelefu a m'sitolo, amene amathandiza chimodzimodzi chaka ndi chaka, imanena zoona. Njira inayo ili ndi chilema chake: mtengo sufika pa ziro, ndipo 25 peresenti ija nthawi zambiri anthu amangoitola osaona ngati idzafikitsa pa mtengo womaliza umene akuyembekezera. M'chitsanzo chathuchi, pakutha pa zaka zisanu ikanasiya pafupifupi K4,746,000, osati K4,000,000.

Komabe pa minibasi ine ndimatsamira ku njira yochotsa pa mtengo wotsala. Ikakhala yatsopano imayenda tsiku lililonse, ikamakalamba imayamba kugona kugalaja, lero giyabokosi, mawa injini yayamba kudya oyilo. Kuchotsa zambiri poyamba n'kumachepetsa pamene ndalama zokonzetsera zikukwera kumagwirizana ndi moyo wa galimotoyo. Lamulo la IAS 16 nalo silisankhira munthu njira. Limangofuna kuti njirayo isonyeze mmene katunduyo akuthera pogwira ntchito, ndipo iziunikidwanso chaka ndi chaka.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa miyezi isanu ndi umodzi ija. Akauntanti wachiwiri akaiwala kuiwerengera, ayerekeza K11,000,000 ndi K11,250,000, ndipo phindu lija lisanduka kuluza K250,000. Zotsatira za chaka chonse sizisintha, koma mizere iwiri ya m'lipoti inama, ndipo amene akufuna kudziwa ngati kampani imagulitsa bwino magalimoto ake asokera. Makampani ena amachita dala: amachotsa za chaka chathunthu m'chaka chogula, osachotsa kanthu m'chaka chogulitsa. Ngati ndondomekoyo ndi yolembedwa ndipo ikutsatidwa nthawi zonse, owerenga angaimvetse. Chizindikiro choti pali vuto ndi kampani imene imaluza pafupifupi pa galimoto iliyonse imene yagulitsa: pamenepo zaka zogwirira ntchito kapena mtengo womaliza anaukokomeza.

Kuno ku Malawi pali chinanso. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya magalimoto ochokera kunja inakwera, ndipo galimoto yakale ikhoza kugulitsidwa ndalama zoposa kwambiri za m'mabuku, njira iliyonse imene mwatsata. Phindu loterolo silikwanira kugula ina yolowa m'malo mwake, choncho eni kampani asathamangire kuligawana. Ndipo a MRA powerengera msonkho satengera kutsika mtengo kwa m'mabuku anu. Ali ndi maperesenti awo ovomerezeka, kotero minibasi yomweyi ikhala ndi mtengo wachitatu, wa msonkho, umene uyenera kuwerengeredwa pawokha patsiku logulitsa.