Mndandanda wa ndiwo zomanga thupi uyambe ndi magalamu, ndalama pambuyo

Sabata yatha bambo wina amene amalondera sitolo pano pa Phalombe Boma anaima pa benchi yanga ya nyemba ali ndi kapepala m'manja. Anali atangotuluka m'chipatala atadwala nthawi yaitali, ndipo anamuuza kuti azidya kwambiri zakudya zomanga thupi kuti abwerere mwakale. Iye anamva ngati amuuza kuti azidya nyama tsiku ndi tsiku. "Mayi, malipiro anga ndi omwe aja mwezi ndi mwezi. Nyamayo ndiigula ndi chiyani?" anandifunsa.

Amalonda anzanga, makasitomala otere tili nawo ambiri: alonda, opuma pa ntchito, olandira Mtukula Pakhomo. Ndalama yawo sisuntha, koma mitengo yathu imasuntha. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse taona momwe mulu wa K500 wachepera. Maganizo anga ndi akuti munthu wotere asayambe ndi funso loti "ndigule chiyani?" Ayambe ndi loti "thupi langa likufuna magalamu angati a mapuloteni pa sabata, ndipo ndi katundu uti amene akundipatsa magalamuwo motchipa?" Ife ogulitsa tikadziwa kuyankha funso limeneli, kasitomala sachoka pa benchi yathu.

Tiyambe ndi thupi. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu wathanzi amafuna mapuloteni okwana pafupifupi 0.8 ya galamu pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, tsiku lililonse. Amene akuchira matenda aakulu amafuna oposa apo, ndipo kawirikawiri achipatala amayambira pa magalamu 1.2. Bambo uja amalemera makilogalamu 60. Tikachulukitsa 60 ndi 1.2 tipeza magalamu 72 pa tsiku, omwe ndi pafupifupi magalamu 500 pa sabata. Nambala imeneyi ndiyo tinailemba pamwamba pa kapepala kake.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nsima nayo imathandiza. Ufa wa mgaiwa uli ndi magalamu 8 kapena 9 a mapuloteni pa magalamu 100 alionse. Munthu amene amadya ufa wokwana magalamu 300 pa tsiku, kuphatikiza phala la m'mawa, wapeza kale magalamu 170 pa sabata. Choncho ndiwo zimangofunika kubweretsa magalamu 330 otsalawo. Ntchito ya mndandanda ndi imeneyi basi.

Tsopano katundu wathu. Pa magalamu 100 alionse a katundu wouma, soya ali ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 36, mtedza 25, nandolo ndi nyemba 21, pamene matemba kapena usipa wouma bwino uli ndi oposa theka la kulemera kwake, tingoti 55. Nyama yaiwisi yopanda fupa ili ndi 20 okha, chifukwa mbali yaikulu ya nyama ndi madzi. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Taonani apa: kilogalamu ya nandolo wouma amene timalima tokha kuno, amene magalimoto amadzatenga kupita naye ku Limbe, ili ndi mapuloteni ofanana ndi a m'kilogalamu ya nyama.

Mndandanda wa sabata umene tinalemba ndi bambo uja unali wotere. Nandolo theka la kilogalamu, wopereka magalamu 105. Soya kota ya kilogalamu, wokazinga ndi kugayitsa kuti azithira m'phala, wopereka 90. Matemba magalamu 100, opereka 55. Mtedza wa nsinjiro magalamu 200, wopereka 50. Mazira asanu, opereka 30. Zonse pamodzi ndi 330, ndendende zimene timafuna.

Pa mitengo, ndiika manambala ongoyerekeza kuti masamu aoneke. Inu muikepo mitengo ya tsiku limene mukugula. Tiyerekeze kuti nandolo ali pa K3,000 pa kilogalamu, soya pa K2,400, mtedza pa K5,000, matemba a magalamu 100 pa K2,500, ndipo dzira pa K500. Ndiye kuti nandolo atenga K1,500, soya K600, mtedza K1,000, matemba K2,500, mazira K2,500. Zonse ndi K8,100. Magalamu 330 omwewo mukawafuna mu nyama yokha, mufunika kilogalamu imodzi ndi magalamu 650. Nyama ikakhala pa K12,000, ndi K19,800, ndipo apo sitinachotse mafupa amene abutchala amayeza limodzi ndi mnofu.

Njira yachidule yofananitsira katundu ndi iyi: gawani mtengo ndi magalamu a mapuloteni amene mukugula. Pa mitengo yathu yoyerekezayi, magalamu 10 a mapuloteni atuluka pafupifupi K70 mu soya, K140 mu nandolo, K200 mu mtedza, K450 m'matemba, K600 mu nyama, ndipo K830 m'mazira. Anthu amadabwa kumva kuti dzira ndilo lodula kuposa zonse. Tinalisiya pa mndandanda chifukwa limapsa msanga, silidya makala, ndipo munthu amene pakamwa sipakukoma amatha kulimeza. Koma sabata imene ndalama yavuta, dzira ndilo loyamba kuchoka. M'malo mwa mazira asanu a K2,500, nandolo wa magalamu 150 wa K450 abweza zomwezo.

Wina anganene kuti ngati soya ndi wotchipa chonchi, bwanji osangogula soya yekhayekha. Yesani kudya phala la soya m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku anayi, muona kuti mndandanda wa pa pepala ndi wa m'kamwa ndi zinthu ziwiri. Komanso matemba ali ndi ntchito yawo. Timawadya ndi minga yomwe, ndiye amalimbitsa mafupa, ndipo ali ndi vitamini B12 amene simungamupeze mu nyemba kapena mtedza. N'chifukwa chake ndimati nsomba zikhalepo ngakhale pang'ono, kawiri kapena katatu pa sabata, zothira nsinjiro kuti zichuluke.

Mndandanda wambiri umagwa pa zinthu zimene sitizilemba. Nandolo wouma amadya moto. Amene sanawerengere makala kapena nkhuni, tomato, mchere, mafuta ndi ya chigayo, afika Lachisanu ali ndi nyemba m'thumba koma alibe chophikira. Ife tinaikapo K2,400 ya zimenezi, n'kufika pa K10,500 pa sabata. Kuviika nyemba m'madzi usiku wonse kumachepetsa nthawi ya pa moto, ndipo kuphika za masiku awiri nthawi imodzi n'kuzitenthetsa mpaka kuwira kumapulumutsa makala. Cholakwika china n'kuchulukitsa ndi 4 pofuna kudziwa za mwezi. Mwezi uli ndi masabata anayi ndi masiku awiri kapena atatu. Muchulukitse ndi 4.3. Pa chitsanzo chathu ndi K45,150, osati K42,000. Kusiyana kumeneku ndiko kumabweretsa ngongole ya kumapeto kwa mwezi.

Munthu wolandira pa mwezi agule zouma zonse tsiku limene walandira: nandolo makilogalamu awiri, soya kilogalamu imodzi, mtedza pafupifupi kilogalamu. Azigawe m'timatumba tinayi, chilichonse cha sabata yake. Ya matemba, mazira ndi tomato aisunge padera kuti azigula sabata ndi sabata. Akhalenso ndi diso pa nyengo. Soya amatsika mtengo akangokololedwa cha mu Epulo ndi Meyi, nandolo cha mu Ogasiti mpaka Okutobala. Matemba a ku Chilwa amasowa nthawi ya mvula pamene usodzi wa makoka umatsekedwa, ndipo tonse tikukumbukira za 2018 pamene nyanjayo inaphwera kwambiri. Mndandanda wabwino umalola kusinthanitsa: nandolo akakwera, lowetsani khobwe kapena nzama, matemba akasowa, usipa kapena bonya.

Tsopano mawu kwa ife ogulitsa. Masamu onsewa amafa ngati mulu wathu sudziwika kulemera kwake. Mulu wa matemba wa lero ndi wa mawa sufanana, ndipo nsomba zosauma bwino zimalemera ndi madzi, n'kuyamba fungo pakapita masiku awiri. Nsomba youma bwino imathyoka ukaipinda. Ikangopindika ngati lamba, kasitomala akugula madzi. Nandolo wa timabowo ndi ufa pansi pa thumba waloledwa ndi anankafumbwe, ndipo sangafike sabata yachinayi. Mtedza wa makwinya, wakuda kapena wa chuku usalowe mu nsinjiro. Chuku chimenechi chimabereka poizoni wotchedwa afulatokisini amene amaononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Kumugayira munthu wodwala mtedza wotere chifukwa mu ufa sungaoneke ndi kumupha pang'onopang'ono. Soya naye tiziwauza ogula kuti sadyedwa wosapsa: akazingidwe mpaka fungo la uwisi lithe, kapena awiritsidwe bwino, apo ayi amatupitsa m'mimba ndipo thupi silipindula naye.

Ine ndinabwereka sikelo ya mnzanga n'kuyeza kambale kanga koyezera kamodzi kokha, ndipo tsopano ndimadziwa kuti ndi timbale tingati timene timakwana theka la kilogalamu. Wogula akanena magalamu, ndimamuyankha m'timbale. Amene ali ndi mpamba wokwanira angathe kumanga phukusi la sabata, nandolo, ufa wa soya ndi nsinjiro pamodzi, pa mtengo umodzi wodziwika. Phindu pa phukusi ndi lochepa, koma munthu wa malipiro a pa mwezi akakukhulupirira amabwera tsiku lomwelo mwezi uliwonse, ndipo geni imakoma ndi wobwerabwera.

Pali malire awiri amene sindingawabise. Loyamba, ndondomeko imeneyi si ya aliyense. Munthu wa vuto la impso amauzidwa kawirikawiri kuti achepetse mapuloteni, osati kuonjezera, choncho nambala ya pamwamba pa kapepala ichokere kuchipatala, osati pa benchi ya msika. Lachiwiri ndi mphika wa pakhomo. Masamu athu ndi a munthu mmodzi. Bambo uja ali ndi mkazi ndi ana atatu, ndipo palibe kholo limene lingadye matemba ana akuyang'ana. Nandolo wa theka la kilogalamu akalowa mumphika wa anthu asanu, wodwalayo apeza gawo limodzi mwa magawo asanu. Tinagwirizana kuti nandolo, amene ndi wotchipa, agulidwe wokwanira banja lonse, pamene ufa wa soya ndi dzira zikhale za iye yekha m'mawa akaweruka ku ulonda, ana atapita kusukulu. Izi zinakweza ndalama ya sabata ndi K6,000, ndipo anayenera kuchotsa mazira atatu kuti zitheke.

Anachoka ndi timatumba tinayi ndi kapepala kolembedwa mbali zonse ziwiri. Ndinamuuza kuti akadziyezetse pa sikelo ya kuchipatala pakatha mwezi, ndipo akabwere ndi kapepalako tidzakonzenso mitengo.