Chinkhoswe ndi ukwati ndithu, setifiketi ndi umboni wake

Pali mawu amene afala masiku ano, makamaka pa maliro anthu akayamba kukamba za katundu wa malemu. Akuti ukwati wa chinkhoswe wopanda setifiketi si ukwati pamaso pa boma, ndipo mkazi wotero mwamuna akamwalira ayenera kungonyamula zovala zake n'kubwerera kwawo. Ena amawonjezera kuti njira yokhayo yodzitetezera ndi kukakwatirananso kwa DC. Zimenezi si zoona, ndipo kawirikawiri amene amazilankhula mokweza ndi abale amene akufuna nyumba ya malemuyo.

Malamulo aakulu a dziko lino, m'ndime 22, amavomereza ukwati wa mwambo komanso ukwati wa anthu amene akhala limodzi nthawi yaitali mpaka kudziwika ngati banja. Lamulo la maukwati la 2015 linabwerezanso zomwezo. Limatchula mitundu inayi: ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa mwambo, ndi wa anthu okhalira limodzi, ndipo limati yonseyi ili ndi mphamvu yofanana. Chinkhoswe cha ku Dedza ndi lobola ya ku Mzimba sizili pansi pa mphete yovekedwa ku ofesi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 nalo limati munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, kenako ena amene ankadalira malemuyo. Ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi wamasiye. Wolanda katundu wa masiye mopanda chilolezo amapalamula mlandu umene chilango chake chimafika zaka 10 m'ndende.

Nanga bodzali likukhulupirika bwanji? Likukhulupirika chifukwa lili pafupi ndi vuto lenileni, vuto la umboni. Lamulo limateteza mkazi wa malemu, koma munthu wina akaimirira n'kunena kuti "uyu sanali mkazi wa achimwene, chinali chibwenzi chabe," wamasiyeyo amayenera kutsimikiza kuti ukwati unalipo.

Tiyerekeze banja limene linachita chinkhoswe ku Ntcheu mu 2009. Mwamuna anapeza ntchito ku Lilongwe, anagula puloti ku Area 25 m'dzina lake yekha, ndipo awiriwo anamanga nyumba pang'onopang'ono, mkazi akuwonjezera ndalama za geni yake ya mandasi pa malata ndi simenti. Mwamunayo wamwalira osalemba wilo, ndipo alongo ake akuti nyumba ndi ya mbumba yawo. Ukwati umenewu unamangidwa lamulo la 2015 lisanabwere, choncho funso la khoti ndi lakuti mwambo unatsatidwa kapena ayi. Kwa Achewa, Amang'anja ndi Ayao chimene chimamanga ukwati ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo makhoti athu akhala akunena zimenezi kuyambira kale. Ankhoswe akabwera n'kunena kuti anakumana, anagwirizana, anasinthana tambala ndi msoti, mayiyo ndi mkazi wa malemu ngakhale alibe pepala lililonse.

Koma taonani pamene pamaterera. Nkhoswe ya kuchikazi, malume ake a mayiyo, inamwalira kalekale. Nkhoswe ya kuchimuna ili moyo, koma ndi m'bale wa anthu omwewo amene akufuna nyumba, ndipo mwadzidzidzi yayamba kuiwala. Mayi uja ayenera kufunafuna nyakwawa imene inalipo, zithunzi za tsikulo, zikalata zakubadwa za ana, ndi anansi ovomera kukaima m'khoti. Akhoza kupambana, koma nthawi yonseyo ana akufunika fizi, ndipo ndalama za ku banki sizikutuluka chifukwa sizikudziwika kuti woyendetsa chuma cha malemu akhala ndani. Setifiketi ikanathetsa mkanganowo tsiku limodzi. Ntchito yake ndi imeneyo.

Amene anachita chinkhoswe lamulo la 2015 litayamba kale kugwira ntchito ndiwo ayenera kusamala kwambiri, ndipo apa tikusiyana ndi amene amati chinkhoswe chokha chakwana. Lamuloli linaika mafumu aakulu, a T/A, kukhala olembetsa maukwati a mwambo, monga mmene DC alili pa ukwati wa boma ndi atsogoleri a mipingo pa wachipembedzo. Ofuna kukwatirana, onse okwana zaka 18, amapereka chidziwitso kwa wolembetsayo, ndipo chimapachikidwa poyera masiku 21 kuti wodziwa chifukwa choletsa ukwatiwo anene. Mwambo ukachitika, awiriwo ndi mboni zawo amasayina, n'kulandira setifiketi. Amene anadumpha zonsezi asiya mpata woti wina adzatsutse ukwati wawo. Akhoza kudalira njira ija ya anthu okhalira limodzi, koma iyo imafuna kuti khoti liunike nkhaniyo, ndipo ubwenziwo ukhale wa zaka zosachepera 5. Mayi amene anachita chinkhoswe mu 2021 mwamuna n'kumwalira mu 2024, ngati sanakhale limodzi chinkhoswecho chisanachitike, sangathawireko. Chimene watsala nacho ndi ankhoswe basi. Mabanja amene sanalembetse apite kwa T/A wawo pamodzi ndi ankhoswe onse awiri akadali moyo, ndipo ngati kumeneko kulibe mabuku olembetsera, akafunse ku ofesi ya DC.

Malangizo aja oti aliyense athamangire kukakwatirananso kwa DC alinso ndi msampha. Ukwati wa boma sulola mitala. Bambo wa akazi awiri a chinkhoswe sangatenge mmodzi kupita naye kwa DC n'kumaganiza kuti wakonza zinthu. Waphwanya lamulo, ndipo wayambitsa mlandu umene ana a nyumba ziwirizo adzalimbana nawo iye atapita. Ukwati wa mwambo ulembetsedwe ngati wa mwambo.

Tinenenso chimene setifiketi siichita, chifukwa ambiri amaiyembekezera zoposa mphamvu yake. Imatsimikiza kuti ndinu mkazi kapena mwamuna wa uje, koma siilemba dzina lanu pa puloti. Nyumba ya ku Area 25 ija, pokhala m'dzina la mwamuna yekha, idzalowa m'chuma chogawidwa, ndipo ana onse a malemu, ngakhale obadwa kunja kwa banjalo, ali ndi gawo lawo. Mayiyo akafuna kuti mbali ina iwerengedwe ngati yake kugawa kusanayambe, ayenera kusonyeza zimene anaikamo, ndipo apa malisiti a simenti aja amakhala ofunika kuposa zithunzi za chinkhoswe. Mayina onse awiri akanalembedwa pa chikalata cha malo, nkhaniyo ikanapepuka kwambiri. Ndalama za penshoni nazo zimatsata fomu imene wantchito analembapo anthu odzalandira, ndipo ambiri anailemba asanakwatire, n'kuikapo amayi awo ndi azibale, osaisinthanso mpaka imfa.

Wilo ndiye imatseka mipata yotsalayi. Siifuna loya kuti ikhale yovomerezeka: mwini wake ailembe, aisayine pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, nazonso zisayine. Mbonizo zisakhale anthu amene akulandira kanthu mu wiloyo.